Mawu a M'munsi Kapena Kufotokozera M'chiganizo: Momwe Mungasankhire Pomasulira Nkhani za Chiperisiya ndi Chiarabu

Mlembi wa ku Tehran kapena ku Cairo amalembera anthu amene anakulira m'nyumba zofanana ndi yake, choncho akatchula mwambo, chovala kapena tsiku linalake sayima kuti afotokoze. Womasulira ndi amene amatsala ndi mtolowo, chifukwa owerenga ake sanakulire kumeneko, ndiponso si akatswiri a maphunziro a chikhalidwe ayi, koma anthu wamba amene agula buku kuti amve nkhani. Pa liwu lililonse lotere pali njira ziwiri zodziwika: kuika kanambala kotumiza wowerenga ku mawu a m'munsi mwa tsamba, kapena kulowetsa mawu ochepa ofotokozera m'chiganizo momwemo, mwakuti wowerenga sazindikira n'komwe kuti wathandizidwa. Chosankhacho sichidalira kukula kwa mwambowo kapena kuchuluka kwa zomwe womasulira akudziwa. Chimadalira zinthu ziwiri: nthawi imene wowerenga akufunika kudziwa chinthucho, ndi munthu amene m'nkhanimo angathe kuchinena popanda kumveka wachilendo.

Kuti malangizowa akhale ndi pogwira, tigwiritsa ntchito kandime kamene ndapeka ndekha motsanzira zomwe zimapezeka m'nkhani za ku Iran. Nkhaniyo ikuchitikira mumzinda wa Tabriz, ndipo ikusimbidwa ndi wofotokoza amene sali m'gulu la atengambali. Kakamasuliridwa liwu ndi liwu, kakumveka motere:

"Pa tsiku la chehelomu, Zahra anakhala pa korisi kuyambira m'mawa. Haji Agha atafika masana anakana tiyi kawiri, kachitatu n'kulandira. Anaika matomani 200 pansi pa mbale. 'Musachite taarofu,' anatero. Panja masitolo onse a mu bazara anali otseka, ndipo panalibe amene anafunsa chifukwa chake. Linali tsiku la 29 Bahmani."

Muli mawu achilendo 7 m'mizere yochepa chonchi. Womasulira akaika nambala pa lililonse, mawu a m'munsi atalika kuposa nkhani yeniyeniyo.

Choyamba, werengani buku lonse ndipo lembani mndandanda

Musasankhe njira pa tsamba loyamba musanaone lomaliza. Werengani buku lonse, ndipo liwu lililonse lachikhalidwe mulilembe pamodzi ndi zinthu zitatu: masamba amene likupezekapo, amene akulitchula (wofotokoza nkhani kapena mtengambali), ndiponso ngati mlembi mwiniwake akulifotokoza penapake. Chachitatuchi chimapulumutsa ntchito yambiri, pakuti nthawi zina mlembi amatchula chinthu pa tsamba 12 mosafotokoza mwadala, n'kudzachiulula pa tsamba 60. Womasulira akafotokozeratu pa tsamba 12 wawononga zomwe mlembi anakonza. Kuchuluka kwa malo amene liwu likupezekako nakonso kumasintha chiweruzo: liwu lopezeka kamodzi kokha nthawi zambiri silifunika kuti wowerenga aliphunzire, pamene lopezeka m'mutu uliwonse liyenera kuphunzitsidwa bwino koyambirira kuti kenako liziyenda lokha.

Chachiwiri, chotsani mawu amene safunika chithandizo chilichonse

Pa liwu lililonse la pa mndandanda dzifunseni kuti wowerenga ataya chiyani mukalisiya chomwecho. Ngati yankho n'lakuti sataya china chilichonse chokhudza nkhani, lisiyeni kapena limasulireni ndi liwu wamba. M'kandime kathu, bazara akhoza kungokhala "msika waukulu", chifukwa chofunika n'chakuti masitolo atsekedwa. Haji Agha akhoza kukhala momwemo ngati dzina laulemu, pakuti wowerenga aona yekha kuti ndi munthu wamkulu wolemekezeka, ndipo ambiri akudziwa kale kuti Haji ndi amene anakachita ulendo wa ku Makka. Matomani nawo safuna nambala. Munthu akaika matomani 200 pansi pa mbale, aliyense wamva kuti ndi ndalama. N'zoona kuti ndalama yovomerezeka ya ku Iran kuyambira mu 1932 ndi riyali, ndipo tomani imodzi m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ndi mariyali 10, koma mfundo imeneyi ndi yofunika pokhapokha ngati m'nkhanimo wina wapusitsidwa kapena wasokonezeka nayo. Musayesenso kusandutsa ndalamazo kukhala makwacha, chifukwa chiwerengero chimenecho chimakalamba buku lisanatuluke.

Womasulira wa Chichewa ali ndi mwayi umene anzake a zilankhulo zina alibe, woti Chisilamu chakhala pakati pathu kwa nthawi yaitali, makamaka ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota. Mawu monga mzikiti, shehe, Ramadani ndi Idi safunika kufotokozedwa kwa munthu wa kuno, kaya ndi Msilamu kapena ayi. Komabe mwayi womwewu uli ndi msampha wake. Liwu la Chiarabu limene tinatengako "sadaka" limatanthauza chopereka chaufulu chothandizira osauka, pamene Amalawi ambiri akamva sadaka amaganiza za chakudya chokumbukira womwalira. Wamalonda wa ku Cairo akapereka "sadaka" kwa wopemphetsa pakhomo la mzikiti, inu n'kulisiya liwulo chomwecho, wowerenga ayamba kufunafuna amene wamwalira. Pamenepa njira yabwino si mawu a m'munsi kapena kufotokozera, koma kungolemba kuti "chopereka kwa osauka".

Msampha wina ndi wofulumira kulowetsa mwambo wathu m'malo mwa wawo. Mahari, amene ku Iran amati meheriye, si malowolo ayi, chifukwa ndi chuma cha mkazi mwiniwake osati cha makolo ake, ndipo kawirikawiri chimalembedwa m'pangano la ukwati ngati ngongole imene mwamuna ali nayo kwa mkaziyo, yomwe ku Iran masiku ano imawerengedwa nthawi zambiri m'ndalama zagolide. Nkhani imene mkazi akuopseza kuti aitanitsa meheriye yake siimveka konse mukalemba kuti malowolo. Mawu otere ndi amene ayenera kutsala pa mndandanda wanu.

Chachitatu, yesani ngati kufotokozako kungakwane m'mawu ochepa

Pa mawu amene atsala, lembani tanthauzo limene wowerenga akulifuna pa malo amenewo, osati zonse zimene mukudziwa. Ngati tanthauzolo likukwana m'kachigawo kamodzi ka chiganizo, kamene munthu angakawerenge mokweza osapumira pakati, liwulo ndi loyenera kufotokozedwa m'chiganizo. Ine ndimaona kuti mawu owonjezera akapitirira 7 kapena 8, chiganizo chimayamba kupendekeka, ndipo wowerenga amazindikira kuti wina walowererapo.

Korisi ndi chitsanzo chabwino cha liwu lokwana m'chiganizo. Ndi tebulo lalifupi limene pansi pake amaikapo mbaula yamakala, masiku ano chotenthetsera chamagetsi, n'kulifunditsa chofunda chachikulu chochindikala, ndipo a pabanja amakhala pansi molizungulira miyendo ili m'kati mwa chofundacho m'nyengo yozizira. Zonsezi n'zoona, koma wowerenga wa kandime kathu akungofunika kuona mayi atakhala malo amodzi, akuzizidwa, osadzuka. Choncho n'kokwanira kulemba kuti "anakhala pa korisi, miyendo ili m'chofunda chokuta tebulo lambaula". Taonani kuti kufotokozaku kwabisika m'zochita za Zahra. Sitinalembe kuti "korisi, ndiko kuti tebulo la mtundu wakutiwakuti", chifukwa mawu monga "ndiko kuti" ndi "kutanthauza kuti" amasandutsa wofotokoza nkhani kukhala mphunzitsi. Kufotokozera kwabwino kumaonetsa chinthucho chikugwira ntchito yake.

Njira yomweyi imathandiza pa miyeso ndi pa zizindikiro zooneka. Fedani ya ku Iguputo ndi malo okwana masikweyamita 4,200, kuposa pang'ono ekala imodzi, choncho m'nkhani ya alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Nailo mungalembe koyamba kuti "mafedani 5, omwe ndi maekala 5 ndi kachidutswa", kenako n'kumangoti mafedani. Mlembi wa ku Iran akanena kuti shehe anavala nduwira yakuda, owerenga ake amamva nthawi yomweyo kuti ndi wa mbumba ya Mtumiki Muhammad, pamene yoyera siinena zimenezo. Mawu asanu okha amabwezeretsa tanthauzolo: "nduwira yakuda ya a mbumba ya Mtumiki". Ngakhale lamulo lachipembedzo limatha kulowa m'chiganizo likakhala lalifupi, monga ida ya mkazi wamasiye, yomwe ndi miyezi 4 ndi masiku 10 imene amadikira asanakwatiwenso.

Chenjezo lake n'lakuti kufotokozera m'chiganizo ndi kuwonjezera mawu m'buku la mwini wake popanda chizindikiro chosonyeza kuti ndi anu. Pa chifukwa chimenechi mulowetse zokhazo zimene wowerenga aliyense wa chilankhulo choyambacho amamva akaona liwulo. Maganizo anu, monga kunena kuti mwambowo ndi wopondereza kapena wokongola, asalowemo, chifukwa wowerenga adzawatenga ngati a mlembi.

Chachinayi, funsani kuti mawuwo akutuluka m'kamwa mwa ndani

Apa ndi pamene omasulira ambiri amapunthwa, ndipo ndi pamene chiweruzo chimapotoka kawirikawiri. Kufotokozera kungakhale kwakufupi ndi kolondola, koma n'kukhala kosatheka chifukwa cha amene akulankhula. Haji Agha akamauza Zahra kuti "Musachite taarofu", onse awiri akudziwa taarofu kuyambira ali ana. Mukamulembera kuti "Musachite taarofu, mwambo wathu wokana mphatso mwaulemu", mwamusandutsa munthu wolankhula zopanda nzeru kwa mnansi wake pa tsiku lachisoni. Anthu a m'nkhani safotokozerana zimene onse akuzidziwa, choncho lamulo lake n'lakuti m'mawu olankhulidwa musalowetse kufotokozera.

Pali njira zitatu zotulukira pamenepa. Yoyamba ndi kusamutsira kufotokozako ku chiganizo cha wofotokoza nkhani chomwe chili pafupi. M'kandime kathu mlembi watithandiza kale potionetsa Haji Agha akukana tiyi kawiri, choncho tingawonjezere pamenepo kuti "monga mwa ulemu wa taarofu", ndipo akadzatchula liwulo pakamwa pake wowerenga amakhala ataliona kale likuchitika. Yachiwiri ndi kumasulira chimene mawuwo akuchita m'malo mwa liwulo: "Musakane chifukwa cha ulemu." Yachitatu ndi mawu a m'munsi, yomwe ndi yoyenera ngati kukambiranako kuli kwautali, kopanda chiganizo cha wofotokoza chomwe munganyamulitse katunduyo.

Kusankha pakati pa yoyamba ndi yachiwiri kumabwerera ku mndandanda wanu uja. Taarofu si kukana tiyi kokha. Ndi dongosolo lonse la kudzichepetsa ndi kukweza mnzako: woyendetsa takisi kunena kuti ulendowo sukufunika malipiro pamene akuyembekezera kulipidwa, anthu awiri kukanizana kulowa pakhomo poyamba, kuitanira munthu ku chakudya podziwa kuti akana. Ngati liwuli likupezeka kamodzi kokha m'buku, limasulireni ndi mawu wamba n'kupitirira. Ngati nkhani yonse yatsamira pa funso lakuti kodi munthu akunena zoona kapena akungochita taarofu, lisungeni, lifotokozeni pang'ono poyamba, ndipo lolani kuti tanthauzo lake lizikula lokha pamene likubwerezedwa. Amalawi savutika kwenikweni ndi mwambowu, chifukwa nafenso timadziwa mlendo wonena kuti wadya kale pamene njala ikumupweteka, koma kufanana kumeneku kusakuchititseni kufufuta liwulo ngati mlembi walipanga kukhala mutu wa nkhani.

Nkhani yosimbidwa ndi "ine" imafunika kusamala kofananako. Ngati wosimbayo ndi mwana wa zaka 9, sangafotokoze malamulo a ukwati wa kanthawi wotchedwa sige, umene umavomerezedwa m'Chisilamu cha Shiya cha ku Iran koma Asuni amaukana. Mphamvu ya nkhani yotere imakhala pa kusamvetsa kwa mwanayo pamene wowerenga akumvetsa. Wowerenga wanu ayenera kudziwa zimene mwanayo sakudziwa, ndipo malo okhawo amene mungamuuzire popanda kuika mawu m'kamwa mwa mwanayo ndi m'munsi mwa tsamba.

Mayina oitanirana amakhala m'mawu olankhulidwa kwambiri, ndipo mwamwayi Chichewa chimawalandira mosavuta. Aluya amaitana kholo ndi dzina la mwana wake wamwamuna woyamba, Abu Yusufu kapena Umu Yusufu, monga momwe ife timanenera kuti bambo a Yusufu kapena amake a Yusufu. Womasulira wa Chichewa safunika mawu a m'munsi pamenepa. Angosamala kuti mayina ena a mtundu umenewu ndi mayina enieni osati oitanira kholo, monga la woimba wotchuka wa ku Iguputo Umm Kulthum, amene anamwalira mu 1975, ndipo amenewo samasuliridwa.

Chachisanu, sungirani mawu a m'munsi zinthu zimene chiganizo sichingasenze

Tsopano tatsala ndi mawu awiri m'kandime kathu, chehelomu ndi 29 Bahmani, ndipo onsewa akuonetsa malire a njira ziwirizi. Chehelomu ndi mwambo wokumbukira womwalira pa tsiku la 40 chimwalirireni. Tanthauzo limeneli likukwana m'chiganizo: "pa tsiku la 40 chimwalirireni mwana wake". Owerenga amene akudziwa arobaini ya Asilamu a kuno alizindikira nthawi yomweyo, ndipo ena onse amva kuti ndi tsiku lamwambo. Pamenepa liwu lakuti chehelomu likhoza kuchoka osasiya dzenje.

Koma tsiku la 29 Bahmani ndi nkhani ina. Wowerenga wa ku Iran akaona tsikuli pamodzi ndi dzina la Tabriz amadziwa zimene zikubwera. Pa 9 Januwale 1978 asilikali a boma la Shah, mfumu ya Iran, anawombera anthu ochita zionetsero mumzinda wa Qom, ndipo pa 18 Febuluwale, lomwe pa kalendala ya ku Iran ndi 29 Bahmani 1356, anthu a ku Tabriz atasonkhana kuti akumbukire ophedwawo pa tsiku la 40, panabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu enanso. Masiku 40 otsatira anabweretsa zionetsero m'mizinda ina, ndipo mndandanda umenewu wa maliro obala maliro unali mbali ya zochitika zimene zinagwetsa ufumu mu 1979. Ndiye kuti mwana wa Zahra ndi mmodzi mwa ophedwa ku Qom, choncho masitolo otseka aja ndi tsiku lake la 40 ndi chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake panalibe wofunsa.

Zimenezi sizingalowe m'chiganizo pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'zazitali. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, n'chakuti mlembi wasankha kusanena, ndipo chiganizo chake chomaliza chili ndi mphamvu chifukwa cha kufupika kwake. Kungosintha tsikulo kukhala 18 Febuluwale sikuthandiza, chifukwa kwa wowerenga wa kuno tsikulo silinena kanthu. Apa ndi pamalo pa mawu a m'munsi: mbiri imene owerenga oyamba amaidziwa onse, imene wofotokoza nkhani sakanainena, ndipo popanda iyo ndimeyo imakhala yopanda mutu. M'gulu lomweli muli mawu monga Nakisa, dzina limene Aluya anapatsa kugonja kwawo pa nkhondo ya mu Juni 1967, komanso 28 Morodadi, tsiku la 19 Ogasiti 1953 limene nduna yaikulu Mohammad Mosaddegh inachotsedwa pampando. Mulinso vesi la Kurani kapena mzere wa ndakatulo umene mtengambali wangoutchula theka podziwa kuti womvera amaliza yekha, ndi nthabwala yodalira kufanana kwa mawu awiri.

Posintha zaka samalani ndi kalendala. Chaka cha ku Iran chimatsata dzuwa ndipo chimayamba pa Nowuruzi, pa 20 kapena 21 Malichi. Kuti mupeze chaka chathu mumawonjezera 621 ngati tsikulo lili pakati pa Nowuruzi ndi kutha kwa Disembala, ndi 622 ngati lili pakati pa Januwale ndi Nowuruzi wotsatira. N'chifukwa chake 28 Morodadi 1332 ikugwera mu 1953, pamene 29 Bahmani 1356 ikugwera mu 1978. Kalendala yachisilamu yotsata mwezi, yomwe imapezeka m'mabuku a Chiarabu, ndi ina, ndipo siisinthika ndi kuwonjezera nambala imodzi chifukwa chaka chake n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11. Tsiku lolakwika m'mawu a m'munsi limachotsa chikhulupiriro pa mawu ena onse.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani mawu a m'munsiwo mwaufupi ndipo aikeni pamalo oyenera

Mawu a m'munsi ali ngati munthu wokukodolani pakati pa mlandu pabwalo: mumatembenuka, koma mukabwerera mwaphonya mawu angapo, ndiye ayenera kukhala ndi chifukwa chokwanira ndipo alankhule mwachangu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Ayankhe funso limene wowerenga ali nalo pa tsambalo basi, asaulule zimene zichitike m'mitu yakutsogolo, ndipo asaweruze. Ngati mlembi ali ndi mawu ake a m'munsi, anu mukhale ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi a womasulira.

Mbiri ya ntchitoyi ikuonetsa kumene chilakolako chofotokoza chimatha kufikitsa munthu. Edward Lane atamasulira m'Chingerezi nthano zachiluya za usiku 1,001 pakati pa 1838 ndi 1841, zofotokozera zake zinachuluka kotero kuti mu 1883 zinasonkhanitsidwa n'kukhala buku paokha lonena za moyo wa Aluya. Zinali zothandiza kwa ofufuza, koma wowerenga wamba amene akuona nambala pa chinthu chilichonse amayamba kuona anthu a m'nkhani ngati zinthu zoonetsedwa, osati ngati anthu anzake. Kwa owerenga wamba, tsamba lokhala ndi manambala oposa awiri ndi chizindikiro chakuti mubwerere ku gawo lachiwiri ndi lachitatu.

Malo a kanambala nawo ndi ofunika. Kaikeni kumapeto kwa chiganizo osati pakati, ndipo pa malo oyamba okha amene liwulo lapezeka. M'kandime kathu muli vuto lakuti 29 Bahmani ili m'chiganizo chomaliza, pamene nkhani yafika pachimake, ndipo kutsitsa maso a wowerenga pa nthawi imeneyo n'kuzimitsa moto. Ngati imfa ya mwanayo ku Qom yatchulidwa m'mutu wam'mbuyo, ikani mawu a m'munsi kumeneko, onena za kuwombera kwa pa 9 Januwale ndi za mwambo wa masiku 40, kuti wowerenga afike pa chiganizo chomalizachi akudziwa kale. Ngati palibe malo otere, kanambala kakhale kumapeto kwenikweni kwa ndimeyo, pomwe wowerenga amapuma kale.

Kandime kathu tsopano kakumveka motere:

"Pa tsiku la 40 chimwalirireni mwana wake, Zahra anakhala pa korisi kuyambira m'mawa, miyendo ili m'chofunda chokuta tebulo lambaula. Haji Agha atafika masana anakana tiyi kawiri monga mwa ulemu wa taarofu, kachitatu n'kulandira. Anaika matomani 200 pansi pa mbale. 'Musachite taarofu,' anatero. Panja masitolo onse a mumsika waukulu anali otseka, ndipo panalibe amene anafunsa chifukwa chake. Linali tsiku la 29 Bahmani."

Ndipo m'munsi mwa tsamba: "18 Febuluwale 1978. Pa tsikuli anthu a ku Tabriz anasonkhana kukumbukira amene anawomberedwa ku Qom masiku 40 m'mbuyomo, ndipo msonkhanowo unasanduka zipolowe zotsutsa boma la Shah. (Womasulira)"

Pa mawu 7 aja, awiri asiyidwa momwemo, awiri alowedwa m'malo ndi Chichewa wamba, awiri afotokozedwa m'chiganizo, ndipo limodzi lokha lapita m'munsi. Mawu akuti "mwana wake" tawalowetsa chifukwa wowerenga wa bukulo akudziwa kale amene wamwalira. Zikanakhala kuti mlembi akubisabe zimenezo, tikanangolemba kuti "pa tsiku la 40 la maliro".

Chachisanu ndi chiwiri, yesani zomwe mwasankha pa munthu ndi pa mtundu wa bukulo

Perekani mutu umodzi kwa munthu amene sadziwa chilichonse cha dzikolo, ndipo mum'pemphe kuti aike chizindikiro pamene wasokonezeka ndi pamene wamva ngati akuphunzitsidwa. Zizindikiro za mtundu woyamba zikusonyeza pamene mwasiya zambiri, ndipo za mtundu wachiwiri zikusonyeza kufotokozera kumene kwatalika kapena kumene kwalowa m'kamwa mwa munthu wolakwika. Mufunseninso kuti akufotokozereni chifukwa chimene masitolo atsekedwera. Akalephera, ndiye kuti mawu anu a m'munsi sanawerengedwe kapena ali pamalo olakwika. Kenako werengani nokha mokweza, chifukwa khutu limamva msanga chiganizo cholemedwa kuposa diso.

Ganiziraninso momwe nkhaniyo idzafikire anthu. Pa foni mawu a m'munsi nthawi zambiri amasamukira kumapeto kwa nkhani, kumene owerenga ochepa amapita, ndipo nkhani yowerengedwa pa wailesi ilibe m'munsi mwa tsamba n'komwe. Pa zoterezi, zimene zikanapita m'munsi zisamukire m'mawu oyamba achidule a womasulira, a ndime ziwiri kapena zitatu, onena za nthawi ndi malo a nkhaniyo. Mndandanda wa matanthauzo a mawu kumapeto kwa buku umathandiza pa mawu obwerezabwereza amene wowerenga angaiwale pakati pa mitu yotalikirana, koma sulowa m'malo mwa kufotokoza kwa pa malo oyamba. Osindikiza ena salola mawu a m'munsi m'mabuku a nthano zopeka, choncho funsani za zimenezi musanayambe kumasulira mutu woyamba. Ngati mlembi ali moyo, mutumizireni mndandanda wa malo onse amene mwawonjezera mawu m'ziganizo zake, kuti avomereze kapena akane lililonse palokha.